Doko la laputopu

Doko la laputopu, lomwe m'masitolo limatchulidwanso kuti dokingi sitesheni, ndi kabokosi komwe kamakhala pa desiki kali kolumikizidwa kale ku mamonita, kiyibodi, mausi, chingwe cha intaneti ndi magetsi. Mwini laputopu akafika amangolowetsa chingwe chimodzi, ndipo zipangizo zonsezo zimayamba kugwira ntchito kwinaku batire likutchajidwa. Dzinali linachokera ku mawu a Chingerezi onena za doko lomwe sitima zapamadzi zimakocheza.

Madoko ambiri a masiku ano amalumikizidwa kudzera pa bowo la USB-C. Ambiri mwa iwo sajambula okha zithunzi zomwe zimaoneka pa mamonita. Zithunzizo zimapangidwa mu laputopu, ndipo ntchito ya doko ndi kuzilandira, kuzigawa ndi kuzitumiza ku monita iliyonse. Choncho zomwe doko lingathe zimadalira zinthu zitatu pamodzi: bowo la laputopu, chingwe, ndi doko lenilenilo. Chimodzi mwa zitatuzi chikakhala chofooka, zina ziwirizo zimatsikira pa mlingo wake.

## Mbiri mwachidule

Madoko akale ankapangidwira mtundu umodzi wa laputopu basi. Mu 1992 kampani ya Apple inatulutsa PowerBook Duo, laputopu yomwe inkalowetsedwa yonse m'doko lake monga mmene kaseti ya vidiyo inkalowera m'wailesi yake. Kwa zaka zambiri malaputopu a m'maofesi a ThinkPad ndi a Dell Latitude anali ndi cholumikizira chachitali kunsi, ndipo ankakhazikidwa pamwamba pa doko mpaka kugwirana. Munthu akasintha mtundu wa laputopu, nthawi zambiri ankafunikanso doko lina.

Zinthu zinasintha mu 2014 pamene bungwe la USB-IF linasindikiza malamulo a pulagi ya USB-C, ndipo chaka chomwecho bungwe la VESA linalengeza njira yodutsitsira zithunzi za DisplayPort pa pulagi yomweyo. Kuyambira pamenepo zinatheka kuti doko limodzi ligwire ntchito ndi malaputopu a makampani osiyanasiyana.

## Zomwe zili m'chingwe

Pulagi ya USB-C ili ndi timapini 24. Chingwe chimodzi chimatha kunyamula zinthu zambiri chifukwa timapiniti tinagawidwa m'magulu, ndipo gulu lililonse lili ndi mawaya ake.

Timapini 8 ndi ta magetsi: 4 topititsa magetsi ndipo 4 tobwezera. Timapini 8 tina timapanga misewu inayi yothamanga kwambiri, msewu uliwonse wa mawaya awiri. Pakati pa pulagi pali timapini ta USB 2.0, tomwe timanyamula mamegabiti 480 pa sekondi, liwiro lokwanira kiyibodi, mausi ndi pulinta. Palinso timapini tiwiri totchedwa CC, tomwe laputopu ndi doko zimakambirana, ndi tiwiri totchedwa SBU, tomwe laputopu imafunsira monita kukula kwa chithunzi chomwe ingalandire.

Magetsi ali ndi mawaya awoawo, choncho kutchaja batire sikuchepetsa liwiro la zithunzi. Pomwe pali kulimbirana ndi pa misewu inayi ija. Zithunzi za mamonita zimaifuna, mafayilo opita pa USB 3 amaifunanso, ndipo siingawonjezeredwe.

## Kukambirana chingwe chikangolowa

Chingwe chikalowetsedwa, doko limazindikira kudzera pa waya wa CC kuti kwabwera chipangizo chofuna magetsi, ndipo limayamba ndi kupereka mavoliti 5 okha. Kenako limatumiza mndandanda wa zomwe lingapereke, mwachitsanzo mavoliti 5, 9, 15 ndi 20, ndi maampu omwe lingapereke pa mlingo uliwonse. Laputopu imasankha umodzi, doko limavomera, ndipo pamenepo mpamene limakweza mavoliti. Malamulo a kukambiranaku amatchedwa USB Power Delivery. N'chifukwa chake foni yaing'ono ikalumikizidwa ku doko lomwelo siipsa: imapempha zochepa ndipo imapatsidwa zochepazo.

Pa magetsi doko ndiye wopereka ndipo laputopu ndi wolandira, koma pa mauthenga laputopu ndiye mwini ntchito ndipo doko limangomvera. Malamulo a Power Delivery amalola maudindo awiriwa kusiyanitsidwa motere. Zikagwirizana, laputopu imafunsa doko ngati limadziwa DisplayPort. Likayankha kuti inde, misewu ina imasiya kunyamula USB 3 n'kuyamba kunyamula zithunzi. Kachitidwe kameneka kamatchedwa DisplayPort Alt Mode. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, ndipo ndi nthawi yomwe mamonita amakhala akadali akuda chingwe chitangolowa.

Kagawidwe ka misewu kali pawiri. Doko likhoza kutenga misewu yonse inayi kuti ikhale ya zithunzi, ndipo zikatero zipangizo za USB zimatsala ndi mawaya a USB 2.0 okha. Kapena likhoza kupereka misewu iwiri ku zithunzi ndi iwiri ku USB 3, umodzi wotumiza ndi wina wolandira, pa liwiro la magigabiti 5 kapena 10 pa sekondi. Madoko ambiri a m'maofesi amasankha njira yachiwiriyi, popeza diski yakunja ndi intaneti ya pa chingwe zimachedwa kwambiri pa USB 2.0.

## Mamonita awiri pa misewu iwiri

Kuyambira pa DisplayPort 1.2, zithunzi za mamonita angapo zikhoza kuyenda limodzi m'misewu yomweyo. Njirayi imatchedwa Multi-Stream Transport, mwachidule MST. Laputopu imadula chithunzi cha monita iliyonse m'tizidutswa n'kumatumiza mosinthanasinthana. M'doko muli kachipangizo komwe kamasankhula tizidutswato, kubwezeretsa chithunzi chilichonse pachokha, n'kuchitumiza ku bowo lake. Ngati monita ina ndi ya HDMI, doko limasandutsanso chithunzicho kuti chikhale cha HDMI.

Funso loti mamonita awiri akwana kapena ayi limayankhidwa ndi masamu osavuta. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, kadontho kalikonse kamafuna mabiti 24 a mtundu wake, ndipo chithunzi chonse chimatumizidwa kwatsopano ka 60 pa sekondi. Monita ya timadontho 1920 m'lifupi ndi 1080 m'litali imafuna motere:

```
1920 × 1080 × 24 × 60 = 2 985 984 000
```

Awa ndi magigabiti pafupifupi 3 pa sekondi. Pakati pa mizere ndi pakati pa zithunzi pamasiyidwanso timipata, ndipo timipatato tikawerengedwa chiwerengero chimafika pafupifupi 3.6. Monita ya 2560 × 1440 imafuna pafupifupi 5.8, ndipo ya 4K, yomwe ndi 3840 × 2160, imafuna pakati pa 12.5 ndi 14.3 malinga ndi kukula kwa timipatato.

Mbali inayo ndi ya zomwe msewu ungathe. Pa liwiro la DisplayPort 1.2, lotchedwa HBR2, msewu umodzi umathamanga magigabiti 5.4 pa sekondi. Koma pa mabiti 10 alionse, 8 okha ndi omwe amanyamula chithunzi, ndiye otsala ndi 4.32. Pa liwiro la HBR3, lomwe lili mu DisplayPort 1.4, msewu umathamanga 8.1 ndipo otsala ndi 6.48.

Laputopu ya HBR2 pa doko la misewu iwiri ili ndi magigabiti 8.64. Mamonita awiri a 1920 × 1080 amafuna pafupifupi 7.1, ndiye amakwana. Awiri a 2560 × 1440 amafuna 11.6, ndiye sakwana. Laputopu ya HBR3 pa doko lomwelo ili ndi 12.96, ndipo awiri a 2560 × 1440 amakwana, ngakhale malo otsala amakhala ochepa.

Doko la Dell WD19, lomwe linatuluka mu 2019 ndipo linafala m'maofesi ambiri, likuonetsa bwino zimenezi. Pa laputopu ya HBR2 limayendetsa mamonita awiri a 1920 × 1080 pa zithunzi 60 pa sekondi, kapena monita imodzi ya 4K pa zithunzi 30 zokha. Pa laputopu ya HBR3 limayendetsa awiri a 2560 × 1440, kapena imodzi ya 4K pa zithunzi 60. Doko ndi lomwelo, chingwe ndi chomwecho, chasintha ndi laputopu basi. Anthu awiri obwerekana desiki imodzi akhoza kuona zosiyana popanda chilichonse kukhala chowonongeka.

Misewu ikachepa, kompyuta kawirikawiri siilemba uthenga wofotokoza vutolo. Imangotsitsa monita imodzi kufika pa zithunzi 30 pa sekondi, kapena kuchotsa kukula kwina pa mndandanda wa zosankha. Pa zithunzi 30 kamuvi ka mausi kamayenda modukizaduka, ndipo ambiri amayamba kukayikira mausiyo.

Pali njira yopanikizira zithunzi yotchedwa Display Stream Compression, mwachidule DSC, yomwe inabwera mu DisplayPort 1.4. Imachepetsa chithunzi pafupifupi katatu mwanjira yoti maso sazindikira kusiyana kwake. Ndi DSC, mamonita awiri a 4K akhoza kukwana pa misewu iwiri ya HBR3, koma pokhapokha laputopu ndi doko zonse zikhale zoidziwa.

## Thunderbolt ndi USB4

Thunderbolt 3, yomwe kampani ya Intel inalengeza mu 2015, imagwiritsa ntchito pulagi yomweyo ya USB-C koma siigawa misewu mwa njira yafotokozedwa pamwambapa. Misewu yonse inayi imaphatikizidwa kukhala njira imodzi ya magigabiti 40 pa sekondi mbali iliyonse, ndipo zithunzi ndi mauthenga ena zimapakiridwa m'timaphukusi n'kuyenda limodzi. Zithunzi zimadutsa poyamba, ndipo malo otsala amapita ku mafayilo. Laputopu ikhoza kulowetsa DisplayPort ziwiri zosiyana m'njirayi, iliyonse ya monita yake, popanda kudalira MST.

Mamonita awiri a 4K pa zithunzi 60 amatenga magigabiti pakati pa 25 ndi 29, ndiye amakwana mu 40 n'kusiyako ena. Thunderbolt 4, ya mu 2020, inaika lamulo loti bowo lililonse la kompyuta lokhala ndi dzinali lizitha kuyendetsa mamonita awiri a 4K. USB4, yomwe malamulo ake anatuluka mu 2019, inamangidwa pa maziko a Thunderbolt 3, koma zinthu zambiri mmenemo ndi zosankha kwa wopanga, kotero dzina la USB4 palokha silitsimikizira mamonita awiri. Bowo ndi chingwe cha Thunderbolt zimadziwika ndi kachizindikiro ka mphezi.

## Makompyuta a Apple ndi DisplayLink

Windows ndi Linux zimadziwa kugawa zithunzi kudzera mu MST, koma macOS siigawa motero. MacBook ikalumikizidwa ku doko la MST, mamonita onse awiri amayaka koma amaonetsa chithunzi chimodzimodzi, ndipo kompyuta imawawerenga ngati monita imodzi. Palibe chosintha mu macOS chomwe chingakonze zimenezi. Eni makompyutawa amafunika doko la Thunderbolt.

Ngakhale doko la Thunderbolt lili ndi malire ake, chifukwa gawo lojambula zithunzi mu laputopu limatha kuyendetsa masikirini owerengeka. MacBook Air ya M1, ya mu 2020, imayendetsa monita yakunja imodzi yokha, ndipo ya M2 chimodzimodzi. Ya M3 imayendetsa awiri pokhapokha chivundikiro cha laputopu chikhale chotseka.

Njira yozembera malire onsewa ndi DisplayLink, luso lomwe kampani ya Synaptics inagula mu 2020. Pulogalamu yoikidwa mu laputopu imajambula zomwe ziyenera kuoneka pa monita, kuzipanikiza, n'kuzitumiza ngati mauthenga wamba a USB, ndipo kachipangizo ka m'doko kamazimasula. Popeza DisplayPort siikufunika, njirayi imagwira ntchito ngakhale pa bowo lakale la USB-A. Koma imadya mphamvu ya purosesa, chithunzi chimachedwa pang'ono, makanema ena otetezedwa ku kukopera amakana kuoneka, ndipo popanda pulogalamuyo mamonita sayaka n'komwe. Pa makalata ndi matebulo a masamu imakwanira. Pa masewera ndi kukonza makanema ndi yosayenera.

## Magetsi ndi kutchaja

Mphamvu ya magetsi imapezeka pochulukitsa mavoliti ndi maampu. Chingwe wamba cha USB-C chimaloledwa maampu 3, ndiye pa mavoliti 20 chimapereka mawati 60. Kuti chinyamule maampu 5, chomwe ndi mawati 100, chiyenera kukhala ndi kachipangizo kakang'ono m'pulagi komwe kamauza doko kuti mawaya ake ndi okhuthala mokwanira. Doko likapanda kumva yankho la kachipangizoko siliposa maampu 3, ngakhale litakhala ndi mphamvu yochuluka bwanji. Mu 2021 malamulo a Power Delivery 3.1 anawonjezera mavoliti 28, 36 ndi 48, zomwe zinafikitsa malire pa mawati 240, koma madoko ambiri omwe ali m'maofesi amathera pa 100 kapena kucheperapo.

Chiwerengero cholembedwa pa adaputa ya doko si chomwe laputopu imalandira. Doko limayamba ladzichotsera mphamvu yoyendetsera zipangizo zake ndi mabowo ake a USB. WD19 yokhala ndi adaputa ya mawati 130 imapereka mawati osaposa 90 ku laputopu.

Laputopu ya muofesi yomwe tchaja yake ndi ya mawati 45 kapena 65 imakhutira ndi madoko ambiri. Vuto limabwera pa malaputopu akuluakulu a masewera ndi a akatswiri ojambula mapulani, omwe matchaja awo amafika mawati 180 kapena 230. Laputopu yotere ikapatsidwa mawati 90 imatchaja pamene ikupuma, koma ikayamba ntchito yolemetsa imatapa zotsalazo m'batire, ndipo batire limatsika ngakhale chizindikiro chikuonetsa kuti yalumikizidwa ku magetsi. Ina imadzichepetsa liwiro, ndipo Windows ikhoza kuchenjeza kuti tchaja ndi yochedwa. Zikatero tchaja yake yeniyeni iyenera kulumikizidwa pambali pa chingwe cha doko. Palinso malaputopu omwe bowo lawo la USB-C sililandira magetsi ngakhale pang'ono.

Timadoko ting'onoting'ono ta paulendo tilibe adaputa yawoyawo. Timadalira tchaja ya laputopu yomwe imalowetsedwa mwa ito, ndipo timadzitengerako mawati ena tisanapereke otsala. Tchajayo ikachotsedwa mwadzidzidzi, kadoko kakhoza kuzima kwa kanthawi pamene kakuyamba kutenga magetsi ku laputopu, ndipo diski yomwe imakopera mafayilo imaduka.

## Kuzindikira chomwe chavuta

Laputopu ikamatchaja, kiyibodi ndi mausi zikugwira ntchito, koma mamonita ali akuda, ndiye kuti magetsi ndi USB 2.0 zikudutsa pomwe misewu inayi ija siikunyamula zithunzi. Zifukwa zake zofala ndi ziwiri. Choyamba ndi chingwe. Zingwe zambiri zomwe zimabwera ndi matchaja a foni ndi a laputopu zili ndi mawaya a magetsi ndi a USB 2.0 okha, opanda misewu yothamanga, ngakhale kunja zimaoneka chimodzimodzi ndi zinzake. Chachiwiri ndi bowo la laputopu lomwe lilibe DisplayPort Alt Mode, zomwe zimachitika kawirikawiri pa malaputopu otsika mtengo. Pa laputopu imodzi mabowo awiri a USB-C akhozanso kusiyana, lina lonyamula zithunzi lina ayi. Chizindikiro cha DisplayPort kapena cha mphezi pambali pa bowo chimathandiza, koma opanga ena sachiika, ndipo yankho lodalirika limapezeka m'buku la laputopuyo. Kuyesa ndi chingwe chomwe chinabwera ndi doko kumasiyanitsa zifukwa ziwirizi msanga.

Mamonita awiri akamaonetsa chithunzi chimodzi pa Windows, nthawi zambiri ndi nkhani ya zosankha chabe: kudina `Win+P` n'kusankha `Extend` kumawalekanitsa. Chiwerengero cha zithunzi pa sekondi chimaoneka pa tsamba la `Advanced display`. Pa Linux yogwiritsa ntchito X11, lamulo ili limaonetsa mamonita omwe kompyuta ikuwaona, kukula komwe iliyonse ingalandire, ndi nyenyezi pa komwe kukugwira ntchito:

```
xrandr --query
```

Monita imodzi ikakhala bwino payokha koma n'kutsika pa zithunzi 30 yachiwiri ikalumikizidwa, ndiye kuti misewu yadzaza. Kutsitsa kukula kwa monita imodzi kumamasula malo. Njira ina ndi kulumikiza monita yachiwiri mwachindunji ku bowo la HDMI la laputopu, zomwe zimaichotsa m'chingwe cha doko ngakhale kuti zingwe zimakhala ziwiri.

Chithunzi chomwe chimathima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri n'kubweranso chimaloza ku chingwe chachitali kwambiri, chopindika kapena cholowa mosakhwima. Liwiro likakwera, mawaya amalekerera zochepa, ndipo n'chifukwa chake zingwe wamba za magigabiti 40 zimakhala zazifupi, pafupifupi masentimita 80. Zazitali, zofika mamita 2, nthawi zambiri zimakhala ndi tizipangizo tolimbikitsa mauthenga m'mapulagi ake ndipo zimadula. Vuto la mamonita osadzuka laputopu ikadzuka ku tulo kawirikawiri limachokera ku pulogalamu ya mkati mwa doko kapena ku madalaivala a zithunzi, ndipo makampani opanga madoko amatulutsa zokonza zake nthawi ndi nthawi. Kuzula adaputa ya doko ku magetsi kwa masekondi angapo kumachititsa kuti kukambirana kwa pa waya wa CC kuyambirenso pachiyambi.